Malonje a pa Kamwendo

Mwezi wa Seputembala simenti imayenda kwambiri pa Kamwendo. Anthu amakhala atagulitsa nsawa ndi soya, mvula ili kutali, ndiye aliyense amakumbukira khoma lomwe lidang'aluka kapena manda omwe adakali dothi lokhalokha. Ine ndimagulitsa mu sitolo ya atsibweni anga, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji boma, ndipo mtchona ndimamudziwa asanayankhule. Amafunsa mtengo kawiri, kenaka amayang'ana kudenga, milomo ikugwedera, kuwerengetsa ndalama za kumene wachokera.

Tsiku limenelo adabwera awiri. Woyamba adali wamtali, wa jekete lachikopa ngakhale dzuwa lidali lophulitsa mutu. Adalipira matumba 6. Ndikulemba lisiti, padalowa wina wamfupi, wadazi, wovala magalasi, nati akufuna matumba 8 ndi waya. Wajekete uja adatembenuka. Sadayang'ane nkhope ayi, adayang'ana chipsera chomwe chidali pamwamba pa diso lamanzere.

"Pepani bambo, kapena ndikuphonya. Si inu a Phiri a kwa Mkanda?"

"Ndine amene. Nanga inu..." Adavula magalasi, kuwapukuta ndi shati, kuvalanso. "A Mbewe? Lemekezani?"

Ndinkayesa akumbatirana. Ayi ndithu. Adagwirana chanza, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, onse atawerama pang'ono ngati akamwini awiri okumana pakhomo pa apongozi. Kenaka a Mbewe adati moni wa chiimire ndi wa pa depoti, nandipempha mipando. Ndidawapatsa makireti awiri a zakumwa. Adakhala pakhonde, naomba m'manja katatu.

"Tikupenyeni, a Phiri."

"Wawa, a Mbewe. Ife tilipo. Kaya inu anzathu?"

"Tilipo, Chauta akusunga. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Kaya inu?"

"Tadzuka ndithu. Thupi lili bwanji?"

"Thupi lili bwino, kungoti mawondowa. Kuzizira kwa kumene tili kudalowa m'mafupa."

Muzimvetsera Mchewa akati "kungoti". Zonse zimene wanena poyamba ndi ulemu chabe. Nkhani imayambira pamenepo.

"Kumene muliko ndi kuti kodi? Tidangomva kuti mudakwera ndege."

"Ku Mangalande, mzinda wa Leeds. Ndidapita 2003, njala ija itangotha. Ndimasamala nkhalamba m'nyumba zosungiramo okalamba. Kuzisambitsa, kuzidyetsa, kuzitembenuza usiku. Kaya inu, mudalowera kuti?"

"Ine 2005, pa basi. Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge, matako kuchita dzanzi. Ndidayamba ku Joni, koma chipolowe chothamangitsa alendo cha 2008 chija chidandipeza komweko. Ndidagona masiku angapo pabwalo la polisi ndi bulangete limodzi. Nditapulumuka ndidatsetserekera ku Kepi. Ndimasamala maluwa a azungu."

"Pepani, pepani."

"Zidapita zimenezo. Mayi a kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndi a Nabanda omwe aja a ku Kapiri, adanditsatira patatha zaka zinayi. Kaya alamu anga?"

"Ali bwino," adatero a Mbewe, nakanda chibwano. "Kungoti alamu amene mukuwadziwa inuwo ali bwino kwa mwamuna wina. Adatopa n'kudikira. Amene alipo pano ndi a ku Mangochi, tidakumana komweko."

"Zimachitika. Ana?"

"Atatu. Woyamba akuyendetsa galimoto, wachiwiri ali pasukulu, wotsiriza ndiye Chichewa chake n'chomvetsa chisoni. Kaya kwanu?"

"Awiri. Anga ndiye musanene. Nsima amadya ndi foloko."

Apa adaseka koyamba, koma mwaulemu, pakamwa potseka. Wa kabaza yemwe a Mbewe adabwera naye adaliza belu la njinga yake yamoto. Palibe adamuyang'ana. Moni adapitirira: achemwali a ku Ludzi ali bwanji, atsibweni aja osaka mbewa adakalipo, nanga aphunzitsi aja ankatikwapula chifukwa cha samu? Ena adali bwino. Ena adali bwino kungoti maso. Ena "adatisiya chaka cha kolona". Dzina lililonse lotere likatchulidwa, onse awiri ankaomba m'manja kamodzi, pang'onopang'ono, n'kukhala chete kanthawi. Adafunsana za mvula ya chaka chatha yomwe onse sadaione, za ng'ombe zomwe zidagulitsidwa kalekale, za mtengo wa mpoza wa kuseri kwa tchalitchi. Adadandaula za Kwacha, yomwe idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale kunena zoona iwowa ndiwo adapindula nako kugwako. Ine ndidagulitsa misomali, loko ndi ndowa ziwiri, iwo adakali pa moni.

Ndidazindikira kuti pali khomo limodzi lomwe onse ankalizungulira. Adafunsana za mudzi wonse, mpaka agalu, koma palibe adatchula mayi a mnzake. A Phiri ndiwo adayamba kuyang'ana matumba omwe anyamata ankasanja panja.

"Simentiyi, a Mbewe, mukumanga nyumba?"

"Ayi." Adayang'ana pansi. "Chiliza."

"Cha yani?"

"Cha amayi. 2017. Mapepala anga adali atatha. Ndikadatuluka, sakadandilolanso kulowa. Ndidatumiza ndalama ya bokosi basi." Adameza malovu. "Kaya inu, matumba 8?"

"Amayinso. Januwale 2021. Maulendo adali otsekeka. Mwana wa achemwali adaimika foni pamanda, ine ndili m'kachipinda kosinthira zovala kuntchito. Netiweki idaduka akutsitsa bokosi. Nditatuluka mmenemo ndidakamwetsa phala gogo wina wachizungu yemwe ankanditchula dzina la mwana wake."

Sadaombe m'manja ulendo uno. A Mbewe adagwira pakamwa.

"A Nangozo adapita? Amene ankatiphikira chigumu tikamachokera kudambo ndi ng'ombe? Chaka cha njala chija adandipatsa gaga m'kansalu, nati ndisauze munthu. Ine ndabwera ndi tchalitchi... ndi nsalu ya tchalitchi, ndimati ndikawapatse Lamulungu." Lilime lidawapota, mawu adathera pakhosi.

"Ankakufunsa," adatero a Phiri. "Nthawi zonse ndikaimba foni: kodi mnzako wa legeni uja adamveka?"

Ndidamva ndekha kuti "inu" wagwa pansi. A Mbewe adadzutsa mutu, maso ali psuu, naloza chipsera chija.

"Iwe Yohane, ndidakuuza kuti ndinkalasa njiwa."

"Njiwa yake iti, Lemekezani? Pamutu panga padatera njiwa? Unkafuna kundipha chifukwa cha mbatata yootcha!"

"Idali mbatata yanga!"

Kuseka kwake kudali kwina tsopano, kwa pakamwa ponse, misozi ikutsikira m'masaya, wina kumenya mnzake pabondo lodwala lija. Amayi ogulitsa thobwa patsidya adaimirira kuti aone. A Phiri adawakodola, nagula mabotolo awiri, kenaka lachitatu la wa kabaza yemwe adali atazimitsa njinga n'kugona pachishalo.

Adagwirizana kuti matumba onse 14 akwere lole imodzi, mmisiri akhale mmodzi, ayambe manda a a Nangozo chifukwa ali pafupi ndi msewu. Ndidawapatsa malisiti awo. A Mbewe adapinda yawo, naiika m'thumba la jekete, nakhalanso pa kireti paja. Adamwa thobwa, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Tsono iwe," adatero, "uli bwanji?"