Yankho langa pa ntchito ya ma akaunti ija

Mayi, mwaswera bwanji?

Kalata yanu ija ndinailandira Lolemba pamodzi ndi kontirakiti, ndawerenga zonse bwinobwino. Munati ndiyankhe pofika Lachisanu koma ndaona kuti ndisakusungeni mpaka tsiku lomaliza, poti ndikudziwa kuti palinso ena amene munawafunsa mafunso akudikira kumva. Nditaganiza mofatsa ndaona kuti pakadali pano sinditha kubwera kudzayamba ntchitoyi. Pepani kwambiri.

Ndikuuzeni chifukwa chake chenicheni kuti musamaganize kuti mwina ndi salale, ayi ndithu, salale imene munalemba ija ndi yabwino ndipo ikuposa imene ndikulandira pano. Nkhani ndi yoti kuno kumene ndikugwiraku tili pakatikati posamutsa mabuku onse a ndalama kuchoka mu sisitimu yakale kupita mu yatsopano, ndipo amene anandipatsa kuti nditsogolere ndi ineyo, ndinavomera pamaso pa abwana anga komanso anzanga mu dipatimenti kuti ndiionetsetsa mpaka titatseka chaka ndi kudutsa oditi. Nthawi imene ndimabwera ku intavyu zimaoneka ngati tikhala titamaliza, koma mwezi uno titayamba kufananitsa mabuku ndi masitetimenti a ku banki tapeza kuti malisiti ambiri a chaka chatha analowetsedwa kawiri, ena sanalowe nkomwe, ndiye tikuchita kutsegula fayilo imodziimodzi pamanja. Inu mukufuna munthu woyamba pa 1 mwezi wamawa, ndipo ndikumvetsa chifukwa munandiuza kuti amene anali pampandopo anachoka kale ndipo malipiro a antchito akukonzedwa ndi munthu mmodzi. Ine ngakhale nditapereka notisi lero, ndisiya atsikana awiri amene angoyamba kumene ntchito atagwira zinthu zoti sanazizolowere. Mtima wanga sukundilola, komanso inuyo sindikufuna kukuuzani kuti mundidikire miyezi ingapo pamene ntchito ikukuthinani panopa.

Koma ndinene zoona, kukana kumeneku kwandivuta. Mmene munandilandirira tsiku lija zinandikhudza, munandiyendetsa mu ofesi monse, munandionetsa ndi desiki yomwe, ndipo bambo aja oyang'anira za chuma anakhala nane nthawi yaitali kundifotokozera mmene mumatsekera mwezi pofika tsiku lachisanu la mwezi wotsatira. Funso lawo lija loti ndingatani nditapeza invoisi yosainidwa ndi bwana wamkulu koma katundu wake sanafike, mpaka pano ndimaliganizirabe, chifukwa linandionetsa kuti kwanuko munthu wa ma akaunti amaloledwa kufunsa ngakhale akuluakulu. Si kulikonse kumene zimatheka zimenezo. Chonde mundithokozere kwa iwowo ndi onse amene anali pa intavyu.

Ndiye pempho langa ndi ili, ngati malamulo a kampani yanu amalola, musataye mapepala anga, akhalebe mu fayilo. Munatchulapo kuti chaka chamawa mukufuna kutsegula gawo loona za oditi ya mkati, ntchito imeneyo ndi imene mtima wanga uli kwenikweni ndipo pofika nthawi imeneyo kuno ndidzakhala nditamaliza, ndasiyira anzanga zonse mwadongosolo, komanso ndikhala nditalemba mayeso anga omaliza a ukadaulo wa ma akaunti. Sindikuti mundisungire malo ayi, ndidzalembera ngati wina aliyense ndipo intavyu ndidzabweranso, kungoti mukadzatulutsa ntchitoyo kapena ina yofanana nayo mudzandikumbukire, ngakhale ka uthenga ka pa foni kokha kadzakwana. Nambala ndi imelo zanga sizisintha. Inenso tikangodutsa oditi ndidzakulemberani kuti mudziwe kuti tsopano ndamasuka.

Kwinaku ngati simunapeze munthu mwachangu, pali mnzanga wina amene ndinagwira naye ntchito kale, za malipiro a antchito ndi misonkho amazidziwa bwino ndipo kontirakiti yake ikutha mwezi uno. Sindinamuuze chilichonse chifukwa ndimafuna ndimve kaye kwa inu, mukandilola ndimuuza atumize mapepala ake, mukaona kuti sizoyenera palibe vuto.

Kontirakiti ija sindinasaine. Fomu ya ku chipatala ndi ya banki zimene munandipatsa zili ndi ine, ndiuzeni ngati mukufuna ndibweze ku ofesi kapena ndingozing'amba. Ngati mungakonde kuti tilankhulane pa foni ndimapezeka nthawi ya nkhomaliro kapena ndikaweruka madzulo.

Zikomo kwambiri pondikhulupirira, ndipo ntchito ikuyendereni bwino inu ndi timu yonse.

Ndine wanu,
amene munamusankha pa ntchito ya ma akaunti