Envulopu ya a Chimwala

Anthu amati anaBanda anachotsedwa pa ofesi chifukwa choba, koma ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinali mesenjala pa khonsolo ija ndipo tiyi wawo ndinkawaphikira ndine.

Unali Disembala wa 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mwezi wapitawo, shuga wakwera, mafuta ophikira osakamba, aliyense mu ofesi nkhope ili gwaa kuwerengera masiku a malipiro. AnaBanda ndi amene ankakhala pa windo la ziphaso, laisensi ya golosale, ya chigayo, ya bala, zonse zimayambira pa tebulo pawo. Anali ndi buku lalikulu lija lachikuto chakuda, fayilo ikabwera amailemba nambala ndi deti, ndipo imatuluka motsata nambala basi. Ena tinkawaseka kuti amalisunga ngati kaundula wa ubatizo.

Ndiye Lachiwiri lina cha m'ma 10 kunaima Hilux yoyera panja, kutsika a Chimwala, aja amagula soya ndi chimanga kwa alimi kumapita nazo ku Lilongwe. Anali atamanga bala yatsopano pafupi ndi depoti ndipo amafuna atsegule Khrisimasi isanafike, paja ndalama ya mowa ili pa Khrisimasi ndi Nyuwere.

"Mwaswera bwanji alongo? Fayilo yanga ija ili pati?"

"Ndaswera bwino kaya inu bambo. Yanu ndi nambala 47, pano tili pa 31. Komanso a zaumoyo sanapite kukaona malo anu, lipoti lawo mulibe muno."

"Aaa alongo, zimbudzi tikumanga, simenti ndi imene yavuta. Inu ingodindani, zinazo tidzakonza mu Januwale."

Akulankhula choncho anatsetsereza envulopu ya khaki pansi pa windo, ati kangachepe, ya fanta. Ine ndinali pambali ndi thireyi ya makapu ndipo ndinaona ndi maso angawa, sinamatidwe bwino, ma K5,000 okhaokha atsopano. Mwina zinali K200,000, mwina kupitirira. Fanta wanji ameneyo.

AnaBanda sanaikhudze ndi dzanja. Anatenga rula nkuikankha pang'onopang'ono mpaka inabwerera kumene inachokera.

"Mwaiwala katundu wanu bambo. Ndalama ya laisensi mukalipira kwa akeshiya, akakupatsani lisiti."

A Chimwala anaseka kaye, kenako anaona kuti anthu a pabenchi akuyang'ana, nkhope inasintha. Pabenchipo panali mdala wina wa chigayo wochokera kutali, nambala 32, amene anali atabwera kachitatu pa njinga yakapalasa. A Chimwala anatola envulopu yawo nkunena chapansipansi kuti, "Mayi, mbuzi imadya pamene aimangirira. Mudzandifuna." Sanatuluke ayi, analowera ku kolido ya mabwana, ndipo atatha mphindi makumi awiri anatuluka akuseka ndi bwana wathu, bwana mpaka kuwaperekeza kugalimoto.

Madzulo ake bwana anandituma kuti ndikatenge fayilo 47. AnaBanda anandipatsa, koma anayamba alemba m'buku kuti yatengedwa ndi ndani, nthawi yanji, nkundiuza ndisayine. Ndinasayina dzanja likunjenjemera. Bwana atamva zoti ndasayina anawaitanitsa, chitseko sanatseke bwino ndiye zonse zimamveka.

"Mayi Banda, mukufuna kuonetsa kuti ndinu oyera kuposa tonse muno?"

"Ayi bwana, ndangolemba mmene timalembera."

"Dindani apa."

"Lipoti la a zaumoyo likabwera ndidinda bwana. Mukafuna idutse lero, lembani pa fayilopo kuti mwalamula ndinu."

Apo ndiye panathera ubale. Bwana sakanalemba, amadziwa kuti pepala silowola, tsiku lina a ACB akhoza kudzaliwerenga. Anangopeza kalaliki wina, mnyamata wa ku akaunti, nkudinda. Bala inatsegulidwa pa 22 Disembala, zimbudzi zake zinali mpanda wa malata kuseri, makasitomala ankangothira pa khoma la nyumba ya eni ake oyandikana nawo. Ine a Chimwala anandipatsa 5 pin ya "thiransipoti" tsiku lomwe ndinawapititsira chiphaso, ndipo ndisaname, ndinalandira, ndinagula nkhuku ya Khrisimasi.

Zitatero zinthu zinayamba pang'onopang'ono. Dzina la anaBanda linasowa pa mndandanda wa opita ku wekishopu ku Salima, ndipo amene anagwirapo m'boma akudziwa kuti alawansi ya kunyanja ndi imene imalipira fizi, salale ndi ya lendi ndi ufa basi. Pa lanchi anzawo akawaona akubwera nkhani imaduka. Wina anawapatsa dzina loti Amayi Busa. Ku banki mkhonde ya pa ofesi anayamba kuwauza kuti ndalama zatha, abwereke mwezi wamawa, chonsecho mwana wawo wamkazi anali Fomu 4 ku sukulu yogonera ndipo fizi ya teremu yachiwiri inali isanakwane. Anakatenga katapila kwa munthu wina wa kumsika, ndikudziwa chifukwa ndinawaperekeza.

Tsiku lina ndinawafunsa tikutsuka makapu, ndinati koma amayi, mukanangolandira bwanji, laisensi yatulukabe, ndalama adya ena, inu mwapindula chani? Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Yohane, mdala wa chigayo uja unamuona? Ndikanamuuza kuti chani akabwera kachinayi?"

Ndinafuna kuwauza kuti mdalayo sakudziwa nkomwe dzina lawo, koma ndinangokhala chete.

Mu Febuluwale kunasowa buku la malisiti. Linasowa mu kabati imene makiyi ake anali ndi anthu atatu, koma kalata yofunsa inapita kwa munthu mmodzi. Anawaimitsa kaye masabata atatu, akuti akufufuza, bukulo linapezeka kuseri kwa kabati komweko lili lonse osang'ambidwa ngakhale tsamba limodzi, koma palibe analemba kalata yopepesa. M'malo mwake inabwera ya transifa, akuti "pofuna kulimbikitsa ntchito yotolera ndalama", azikadulitsa ziphaso za pamsika wina wa kumalire, makilomita oposa 60 kuchokera pa boma, msewu wafumbi woti nthawi ya mvula ngakhale a kabaza wa njinga yamoto amakana. Amuna awo anakana kusamuka, ati ntchito yawo ya ukalipentala ili pa boma, ndipo ndinamva kuti kunyumba kunali mawu, achimwene awo mpaka kuwafunsa kuti kodi chilungamocho ana adya?

Tsiku lonyamuka anandisiyira buku lakuda lija kuti ndikapereke kwa wolowa m'malo mwawo. Mnyamata wa ku akaunti uja analilandira nkuliika pansi pa mwendo wa tebulo lake, limagwedera.

Ndinakawaona mu Juni, bwana atandituma kukasiya mabuku a matikiti kumsikako. Ndinawapeza pakati pa ogulitsa tomato ndi usipa, avala chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi, chipewa kumutu, adako ndi dzuwa. Anandilandira bwino, kufunsa za aliyense ngakhale aja ankawatcha Amayi Busa, nkundiuza kuti mwana akuyamba mayeso a MSCE posachedwa.

Tili chiimire mayi wina wa mandasi anawakodola, nkuwapanikiza ndalama yopindapinda m'manja, theka la mtengo wa tikiti.

"Ingotengani iyi amayi, tikiti isiyeni. Ife tinamva kale, si inu munaba ku boma aja?"

AnaBanda anaitambasula ndalama ija, kuiwongola bwinobwino pa buku, nkumubwezera.

"Onjezerani ikwane mayi, ndikudulireni."

Ine basi yobwerera inali yoti ndiithamangire, matola a kumeneko akadutsa wa 2 koloko ndiye kuti wagona konko.