Dongosolo la Mwezi Woyamba pa Jimu, Masiku Atatu pa Sabata

Achimwene a Chikondi,

Popeza mwanena kuti simunanyamulepo zitsulo chibadwire, ndiponso kuti mumaweruka 5 koloko madzulo n'kuyenda pansi kuchokera mu tauni kupita ku Matawale, muzibwera ku jimu Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu musanapite kunyumba. Masiku apakatiwo musawaone ngati otayika, chifukwa minofu imene yagwira ntchito imafuna maola pafupifupi 48 kuti ibwerere m'chimake. Mukaphonya Lachitatu mubwere Lachinayi, ndipo la Lachisanu mulisunthire Loweruka, koma musaphatikize masiku awiri.

Tsiku lililonse muyambe ndi mphindi 5 mpaka 10 zopalasa njinga yoima kapena kuyenda mwandawala, kufikira thukuta litayamba. Kenako muchite zinthu zisanu zomwezomwezo mwezi wonse, motsatana chonchi. Choyamba ndi masikwati, mutagwira pachifuwa dambelo imodzi, kachitsulo kakafupi kolemera mbali zonse ziwiri, zidendene zili pansi, mukutsika ngati mukufuna kukhala pa mpando waufupi. Chachiwiri ndi kukankha, ndipo kwa inu akhale mapushiapu manja ali pa benchi, mpaka mutakwanitsa 12 msana osapindika. Chachitatu ndi kukoka dambelo kuchokera pansi kufika m'nthiti, bondo ndi dzanja limodzi zili pa benchi. Chachinayi ndi kuwerama mutagwira madambelo awiri, matako akupita m'mbuyo, msana uli wowongoka, mpaka mutamva kukokeka kuseri kwa ntchafu. Mutsirize ndi pulanki, kutsamira pa zigongono ndi zala za kumapazi kwa masekondi 20 mpaka 30.

Sabata yoyamba muchite maseti awiri okha pa chilichonse, maulendo 8 mpaka 10 pa seti, ndipo muzipuma mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri pakati pake. Kulemera kwake kukhale koti mukamaliza seti mukumva kuti mukanatha kuwonjezera maulendo atatu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, makamaka akaona anyamata a ku koleji akunyamula zolemera pambali pawo. Mphamvu zimene munthu amapeza m'masabata oyamba zimachokera kwambiri ku ubongo ndi mitsempha zikamaphunzira kuyendetsa minofu mogwirizana, osati ku kukula kwa minofuyo, choncho chitsulo cholemera kwambiri chingokuphunzitsani kunyamula mokhota. Chitsulo chachitali chija amakolekapo zolemera mbali zonse ziwiri, chimene pachokha chimalemera makilogalamu 20, muchisiye kaye mwezi uno.

Mudzamva kuwawa m'ntchafu ndi pachifuwa patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kukhala pansi ndi kudzuka kudzakhala kovuta. Zimenezi zimatha zokha, ndipo sizikuletsani kubwera tsiku lotsatira. Koma ululu wobaya m'bondo, m'phewa kapena mumsana, chizungulire, ngakhalenso kubanika pachifuwa, ndi chifukwa chokwanira kusiya nthawi yomweyo n'kundiuza. Munanenanso kuti bambo anu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndiye mukayezetse musanafike Lolemba, ndipo musamagwire mpweya ponyamula. Muziutulutsa pamene mukukankha kapena kukoka.

Sabata yachiwiri musawonjezere kulemera, mungokweza maulendo kufika 12. Sabata yachitatu muwonjezere seti yachitatu pa masikwati, kukankha ndi kukoka. Sabata yachinayi, pa chilichonse chimene mwakwanitsa maulendo 12 m'maseti onse thupi osagwedezeka, mutenge dambelo yotsatira, yolemererapo ndi kilogalamu imodzi kapena awiri, n'kubwerera pa maulendo 8. Chimene sichinafike pamenepo chikhale momwemo, pakuti miyendo imapita patsogolo msanga kuposa manja. Zonsezi muzizilemba m'kope mukangomaliza seti, chifukwa pofika Lachisanu munthu sakumbukira zimene ananyamula Lolemba.

Za chakudya sindikufuna kuti muwononge ndalama pa zitini za ufa wa mapuloteni. Nsima muzidya monga mwa masiku onse, koma ndiwo zichuluke: mazira, usipa, matemba a ku Chilwa, nyemba, nandolo kapena soya, kangapo pa tsiku osati madzulo okha. Nthochi ziwiri kapena mbatata yophika ola limodzi musanayambe ndi zokwanira, ndipo botolo la madzi lisasowe, makamaka mu Okutobala muno pamene kukutentha. Muzigona maola 7 kapena kuposerapo. Ngati Loweruka mwafuna kukwera phiri kupita ku Chawe, muyende mosathamanga ndipo Lamulungu mupumule, kuti miyendo isadzakane masikwati a Lolemba.

Lachisanu la sabata yachinayi mudzabwere ndi kope lija mphindi 15 nthawi isanakwane, kuti ndidzaone mmene mukutsikira pa masikwati ndi mmene msana ukukhalira powerama, tisanagwirizane ngati mwezi wachiwiri muyambe kugwira chitsulo chachitali.