Pepani achimwene Osman, maliro a amayi ndi athu tonse

Salamu alaikumu achimwene anga Osman,

Ndine Kondwani, mnzanu wa ku wodi ya mafupa. Ndalemba mChichewa dala ngakhale pantchito timayankhulana Chizungu, chifukwa Chizungu changa ndi cha malipoti ndi mayina a mankhwala basi, pa nkhani ya maliro chimandithera mkamwa. A Shehe Twaibu a ku Chinamwali, aja anaphunzira ku Madina aja, avomera kuti awuika uthengawu mChiarabu usiku uno ndipo akutumizirani pa foni, cholinga muumve mchiyankhulo chimene amayi ankakuyitanirani muli mwana, komanso muthe kuwatumizira achemwali anu a Huda ku Kairo ndi amalume ku Omdurman kuti adziwe zoti mwana wawo kuno ku Zomba ali pakati pa anthu.

Pepani achimwene. Pepani kwambiri. Uthenga watipeza mmawa uno tili mu lipoti, a sisita Nachisale ndi amene analowa ndi kunena kuti amayi a dokotala Osman, a Haja Amina, atisiya mbandakucha, ndiye mchipinda monse munangoti zii, palibe anapitiriza kuwerenga fayilo. A Jafali a ku fiyeta ndi amene anayamba kunena mawu aja mumanena Asilamu, Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna, ife ndi a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, ndipo ngakhale ife a CCAP ndi a Katolika tinangovomera kuti ndi zoona.

Ine amayiwo sindinawagwirepo chanza, komabe ndikukuuzani kuti ndalira ngati ndimawadziwa kuyambira kale, nanga si munatizoloweza nokha, netiweki ikangogwira kumeneko mumathamanga nayo foni mu kolido kuti Kondwani bwera uwapatse moni amayi, iwo nkumaseka ndi mpango wawo woyera uja akulephera kutchula dzina langa, mpaka anangoganiza zonditcha Kundu basi, dzina lake linakhala lomwelo mpaka anamwino anayamba kundinyoza nalo. Nthawi imene mwana wanga Tadala anagonekedwa ndi malungo aakulu aja munandiuza kuti amayi akumutchula pa swala iliyonse, mayi wa ku Sudani, mabomba akuphulika kuseri kwa nyumba yake, iye nkumapempherera kamwana ka ku Matawale koti sadzakaona. Tadala lero ali sitandade 4 ndipo madzulo ano ndamuuza kuti agogo ake aku Sudani aja apita. Chidede chouma chija anatitumizira kudzera mwa mnzanu wa ku Lilongwe akazi anga anachisunga ngati mankhwala, ati cha kwanu ndi chofiira kuposa cha pa msika wa Zomba, ine ndimatsutsa koma mumtima ndikudziwa kuti akunena zoona.

Chimene chikundiwawa kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ndi chimene chikukudyani inu, ndi choti simunathe kuwaperekeza. Nthawi ya ku Sudani ndi ya kuno ndi imodzimodzi, ndiye pamene amalume ndi anansi ankanyamula jeneza itatha swala ya masana, inu munali pakhonde ku Mulunguzi mukuyang'ana wotchi yomweyo, foni ili mmanja. Zimenezi ndi zowawa ndipo sindikunamizani kuti ndi zazing'ono. Koma achimwene, ndikupempheni chinthu chimodzi, musadziweruze. Ndakumvani kangapo mukunena kuti ine dokotala wanji wochiza amayi a eni ake pamene anga akusowa insulini, ndiye ndikuopa kuti usiku uno mawu amenewo akubwererani. Tiyeni tinene chilungamo. Nkhondo inayamba pa 15 Epulo 2023 simunaiyambitse ndi inu, bwalo la ndege la Khartoum linatsekedwa tsiku lomwelo, munthu wochoka kuno amayenera kukwera pa Chileka, kukasintha ndege ku Addis Ababa, kuyesa mwayi wofika ku Port Sudan, kenako mtunda wautali wapamsewu wodutsa mmaloboloko a asilikali, pamene Chisilamu chimati munthu aikidwe msanga osachedwetsa. Ngakhale mukanakhala ndi tikiti mthumba simukanawapeza. Ndipo tonse tinaona mmene munawachondelera kuti atsagane ndi a Huda ku Ejipito, iwo nkukana kuti sangasiye nyumba imene anamanga ndi malemu bambo anu, nanenso amayi anga ndi otero, simungawachotse ku Jali olo mutabwera ndi thirakita. Mwezi uliwonse malipiro akangolowa inu mumayamba ndi kufufuza njira yoti ndalama ifike pa akaunti ya Bankak ya amalume, mankhwala a shuga mumachita kuwasakasaka kudzera mwa anthu a ku Kairo, magetsi kulibe masabata, filiji yosagwira, inu mukuwaphunzitsa pa foni mmene angasungire insulini mu mtsuko wa madzi. Mwana wosasamala sachita zimenezo. A Haja Amina anapita akudziwa mwana amene anabereka.

Ife Amalawi nkhondo ngati imeneyo sitinaionepo pakhomo pathu, timangoidziwira kwa abale athu a ku Mozambiki amene anathawira kuno mzaka za mma 1980, anapitirira 1 miliyoni, ena anakhala nafe mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Agogo anga ku Mulanje anasunga banja lina, ndipo ndimakumbuka bamboyo atamva mochedwa kuti mayi ake anamwalira kalekale kutsidya, mudzi wonse unasonkhana nkukhala naye maliro opanda bokosi, amayi analira, abambo anasonkha moto panja, nsima inaphikidwa. Ndi zimene tikufuna kuchita ndi inu.

Paja kwathu kuno timati maliro nkulirana, ndipo inu ngongole imeneyi munaiyamba nokha. Bambo anga atamwalira munabwera ku Jali ndi galimoto yanu msewu uli matope okhaokha, munanyamula azakhali anga ndi matumba a ufa, usiku munakana kukagona mnyumba ati ndikhala pomwe pali amuna anzanga, munachezera pamoto mutafunda chitenje cha eni ake udzudzu wa ku Chilwa ukukudyani, nyimbo za kwaya simunkazimva koma munakhala mpaka kucha. Kumudzi mpaka lero amafunsa kuti Mwarabu uja ali bwanji. Ndawaimbira amayi masana ano ndipo ati ndikuuzeni kuti pepani mwana wanga, akubwera Lachisanu ndi nkhuku ziwiri zamoyo, ati zamoyo dala kuti muzinge nokha mwa Chisilamu pasakhale chokayikitsa.

Ndiye tamvani mmene takonzera, ndipo chonde musayambe zija mumachita zoti ayi musavutike, tavutika kale basi. Munandiuza kuti kwanu anthu amakhala pa maliro masiku atatu akulandira odzapepesa, ifenso tichita chimodzimodzi pakhomo panu mpaka Lachisanu. Tenti ndi mipando tabwereka ku tchalitchi kwathu, abusa sanafunse nkomwe kuti maliro ake ndi a mpingo uti, anyamata adzaimika mawa mmamawa. Azimayi a ku wodi, a Nachisale, a Mercy ndi a Asiyatu, afika cha mma 7 ndi mapoto awo, auzeni alamu athu a Salma kuti asakhudze mthiko, ntchito yawo ndi kukhala pamphasa nkulandira anthu. Nyama tikagula ku butchala ya Asilamu mtauni, a Jafali ndi amene akuyang'anira zimenezo. Tiyi ndi khofi wa jinja uja yekha ndiye tikusiyirani a kwanu chifukwa ife tikapanga mumati ndi madzi otsukira makapu. Nyimbo za maliro zathu zija sitiyimba, a Shehe atilangiza kuti pakhale bata anthu aziwerenga Kurani ndi kupanga duwa, ndiye mukaona azimayi athu akudziletsa movutikira muwamvetse, kwathu kulira mokweza ndiye ulemu.

Lachisanu ikatha Juma a Shehe Twaibu apempha kuti pa mzikiti waukulu wa mtauni papempheredwe swala ya maliro ya munthu amene wamwalirira kutali, kuti nanunso muime pa mzere muwapempherere amayi ngati mmene mukanachitira ku Omdurman. Ife ena tidzakudikirani panja pa geti kenako tidzabwerera limodzi kunyumba.

Za ntchito iwalani kaye. Ma opaleshoni a mawa ndi Lachisanu awatenga a dokotala Mbewe, kiliniki ndigwira ine ndi Yamikani, ma kolo a usiku tagawana mpaka sabata ya mawa yonse, ndipo kalata ya tchuthi ndalemba kale mungodzasayina tikabwera nayo. Agogo aja a bedi 12 munawaika chitsulo mntchafu aja ayamba kuponda pansi lero, atamva za maliro anandigwira mkono nkumasula kansalu kawo, K500, ati kawapatseni adokotala agulire shuga. Ndinafuna kukana koma a sisita anandiponda phazi, ndiye ilipo mu envelopu, ndailemba payokha.

Chipepeso cha pa gulupu yathu chafika K412,500 pofika 6 koloko madzulo ano ndipo ena akuti aponya mawa, aponya ndi oyeretsa omwe, alonda a pa geti, ngakhale mayi uja amagulitsa mandasi panja pa OPD. Tikudziwa kuti ndalama yathu ikasinthidwa imachepa mpaka manyazi, koma landirani, mwina mugwiritse ntchito pano, mwina mutumize kwa amalume aphikire anthu ku makhitchini a mmadera aja munkatiuza kuti amayi ankathandizako, ikhale sadaka mdzina lawo, zili kwa inu ndi a Huda.

Kwa inu achemwali a Huda, ngati uthengawu wakufikani, pepani mayi. Inu ndi amene munkawasambitsa ndi kuwaphikira zaka zonse zija nkhondo isanakubalalitseni, ndipo ndikudziwa kuti kulira muli mdziko la eni, mu kanyumba ka lendi, ana akukuyang'anani, ndi katundu wolemera. Mchimwene wanu tikumusunga, akudya, sakugona yekha. Kwa amalume ndi anansi onse amene munasambitsa thupi, kuliveka sanda ndi kukumba manda pa nthawi yoopsa ngati ino, ife a ku Zomba tikuti zikomo, mwatigwirira ntchito imene ife sitikanatha.

Allah awakhululukire a Haja Amina zolakwa zawo, awakulitsire manda awo, awalandire ku Janna pamodzi ndi amuna awo, ndipo inu otsala akupatseni kupirira. Ine ndipemphera mmene ndinaphunzitsidwira ku Sande sukulu, inu mmene anakuphunzitsirani amayi, ndipo tipempherenso kuti nkhondo imeneyi ithe mudzathe kupita kukaima pa manda awo ndi ana anu, Ahmed ndi Mariam adzaone pamene agona agogo awo.

Foni yanga ndi yotsegula usiku onse, olo 2 koloko imbani, musaganize zoti mukundidzutsa. Ndikangomaliza kuzungulira odwala ndikwera kabaza ndibwere, ndafika cha mma 9, ndatenga bulangete langa ndigona pa khonde pomwepo. Ngati pali chimene chatha mnyumba, makala, shuga, mayunitsi a magetsi, a Salma angonditumizira meseji ndigule panjira.

Ndine mbale wanu,
Kondwani, uja amayi ankati Kundu
pamodzi ndi onse a ku wodi ya mafupa, Zomba