Chitsogozo cha Ophunzira: Kusankha Pakati pa TDD ndi FDD pa Netiweki ya Mafoni

Funso la mutu uno limabwera kawirikawiri pa mayeso, ndipo ambiri mumataya malikisi chifukwa chothamangira kunena kuti njira ina ndi yabwino kuposa inzake musanafunse kuti kampaniyo ili ndi mafunde otani, ndiponso anthu amene ikufuna kuwafikira ali kutali bwanji ndi nsanja.

Foni imalankhula ndi nsanja mbali ziwiri: kukwera, kuchoka pa foni kupita ku nsanja, ndi kutsika. Pa FDD mbali iliyonse imakhala ndi bandi yakeyake, kutanthauza chigawo chakechake cha mafunde, ndipo zonse zimagwira ntchito nthawi imodzi, monga msewu wa Masauko Chipembere pamene opita ku Limbe ndi obwera m'tauni sakumana. Pa GSM 900 foni imatumiza pa 890 mpaka 915 MHz, nsanja imayankha pa 935 mpaka 960 MHz, kusiyana kwake nkukhala 45 MHz. Pa bandi 3 ya 1800 MHz kusiyanako ndi 95 MHz. Mpata umenewu ndi umene umathandiza sefa ya m'foni kuteteza mbali yolandira kuti isagonthe ndi mphamvu ya mbali yotumiza. TDD ili ngati mlatho wopapatiza umene galimoto zimadutsa mosinthana: bandi ndi imodzi, koma nthawi ndiyo imagawidwa. Zitsanzo zake ndi bandi 40 (2300 mpaka 2400 MHz) ndi n78 ya 5G (3300 mpaka 3800 MHz).

Choyamba, tsono, onani mafunde amene alipo. Ngati chilolezo cha MACRA chapereka mabandi awiri oyenderana, nkhani yatha, ndi FDD. Ngati chapereka chigawo chimodzi chachikulu chopanda chinzake, ndi TDD. Injiniya kawirikawiri amapeza chisankhochi chitapangidwa kale ndi ndondomeko ya mabandi ya 3GPP, bungwe lokonza miyezo ya netiweki za mafoni.

Chachiwiri ndi kagwiritsidwe ntchito. Pamsika wa Limbe kapena ku Ndirande anthu amatsitsa mavidiyo ambiri kuposa amene amatumiza, ndipo apa TDD imapindula chifukwa imatha kupereka nthawi yochuluka ku mbali yotsika. Felemu ya LTE, yomwe ndi 4G, ndi ya mamilisekondi 10, yogawidwa m'zigawo 10, ndipo pali magawidwe 7. Lowezani ili la nambala 2:

```
D S U D D D S U D D
```

D ndi kutsika, U ndi kukwera, S ndi chigawo chosinthira. Werengani ma U: ndi awiri okha pa khumi. Foni wamba siipitirira 23 dBm, omwe ndi mamiliwati 200, choncho foni yotumiza gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi imafikitsa mphamvu yochepa ndi pafupifupi 7 dB poyerekeza ndi imene ikutumiza mosalekeza pa FDD. Munthu wa kumapeto kwa dera la nsanja, tinene cha ku Lirangwe, adzaona timizere ta netiweki pa foni koma chithunzi chake nkumakana kupita. Mfundo imeneyi ndi imene ine ndimaifuna kwambiri m'mayankho anu, ndipo ndi imene imasowa.

Pali kutayikanso kwina. Mkati mwa S muli nthawi yodikira, kuti uthenga wotsika ufike kwa foni yakutali foniyo isanayambe kutumiza. Mafunde amayenda mamita 300 pa mayikulosekondi imodzi, ndipo tiyenera kuwerengera ulendo wopita ndi wobwerera:

```
T = 2R / c
```

T ndi nthawi yodikira, R ndi mtunda umene nsanja ikufikira, c ndi liwiro la mafunde. Nsanja yofikira makilomita 10 ifuna mamayikulosekondi pafupifupi 67, pamene ya makilomita 30 ifuna 200. Dera likamakula, nthawi yokhala chete imakulanso, nchifukwa chake madera akumidzi amayenera FDD pa mabandi apansi monga 800 ndi 900 MHz.

TDD imafunanso kuti nsanja zonse zoyandikana zisinthe pa kamphindi kamodzi, mosaphonyana kupitirira mamayikulosekondi 3, ndipo makampani ogundana mabandi ayenera kugwirizana magawidwe. Kupanda apo, nsanja ya pamwamba pa phiri ngati la Soche ikamatumiza pamene inzake ya kumunsi ikumvetsera mafoni, yakumunsiyo simva kanthu. Ichi chimafuna wotchi ya GPS kapena nthawi yodzera m'nthambo, zomwe ndi ndalama zina.

Nanga bwanji 5G ya 3.5 GHz inasankha TDD? Popeza mbali zonse zili pa bandi imodzi, nsanja imaphunzira mmene mafunde akuyendera pomvetsera foni, nkugwiritsa ntchito zomwezo polunjikitsa mphamvu kwa foniyo ndi tinyanga 32 kapena 64. Pa FDD foni iyenera kuyeza ndi kubweza lipoti, ndipo lipotilo limakula tinyanga tikamachuluka.

Ntchito ya sabata ino: kampani yongoyerekeza ili ndi mabandi awiri oyenderana a 10 MHz iliyonse pa 800 MHz ndi 40 MHz pa 2300 MHz, ndipo ikufuna kufikira Limbe komanso midzi ya makilomita 25 kuchokera pa nsanja ya ku Mdeka. Werengerani nthawi yodikira ya ku Mdeka, nenani bandi imene mungaike pa malo aliwonse, ndipo fotokozani zimene zingachitikire mbali yokwera mutasinthanitsa mabandiwo.