Kalata ya kubanja yofotokoza za matenda a amayi aNaphiri

Chinamwali, Zomba
14 Julayi 2025

Kwa amalume aPhiri, achimwene ku Joni, achemwali ku Lilongwe, ndi nonse a mbumba yathu,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno tilipo, kungoti chisanu chavuta. Lachinayi lapitali, pa 10 Julayi, ine ndi Chikondi, mwana yemwe akusamalira amayi kumudzi, tinawaperekeza ku Chipatala Chachikulu cha Zomba kukamva zotsatira za zomwe anawayeza. Adokotala analemba m'Chingerezi m'kabuku ka kuchipatala, ndipo zina anatifotokozera pakamwa. Ndaziika zonse m'Chichewa kuti aliyense adzimvere yekha, tisamangomva za m'maluwa. Amayi anauzidwa ali pomwepo, ndipo nditawapempha anavomera kuti ndikudziwitseni. Iwe Chikondi, amalume uwawerengere pang'onopang'ono, osadumpha.

Zomwe adokotala analemba ndi izi: "Mayi a zaka 78. Akhala akuiwala kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo vutoli likukula pang'onopang'ono. Amasokera m'njira zomwe amazidziwa, amavutika kuwerenga ndalama ndi kuphika okha. Magazi tayeza: malungo palibe, shuga ali bwino, chindoko ndi kachilombo palibe. Kuthamanga kwa magazi ndi kokwera. Tapeza kuti ali ndi dimenshiya. Zikuoneka kuti ndi mtundu wa Alizaima, ndipo n'kutheka kuti mitsempha ya magazi ya mu ubongo nayonso yawonongeka. Matenda ali pakati, sanafike poipitsitsa. Amwe mankhwala a bipi tsiku ndi tsiku. Asamakhale okha. Abwerenso pa 7 Ogasiti."

Dimenshiya ndi matenda a ubongo. Tizigawo ta ubongo tomwe timasunga zinthu ndi kukonza maganizo timafa pang'onopang'ono, ndipo tikafa sitimeranso. Zatsopano ndi zomwe zimayamba kuchoka, zakale zimatsalira. N'chifukwa chake amayi angakuuzeni bwinobwino za njala ya 1949, monga anaimvera kwa agogo, koma osakumbuka kuti adya nsima posachedwapa. Mtundu wa Alizaima unatenga dzina la dokotala wa ku Jeremani yemwe anaufotokoza mu 1906. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dimenshiya, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osalemera. Si ukalamba chabe ayi. Amalume anabadwa amayi atabadwa kale, koma nawonso ndi achikulire, ndipo malire a minda yonse amawadziwa pamtima. Matendawa sapatsirana. Mutha kudya nawo mbale imodzi, ana atha kugona nawo nyumba imodzi.

Ndinafunsa ngati adzachira. Yankho ndi lakuti ayi. Mankhwala ochiza palibe, kuno ngakhale kunja, ndipo pakapita zaka matenda adzakula. Achimwene, ndikudziwa mtima wanu, koma musataye ndalama pa mabotolo omwe amati amadzutsa ubongo. Chomwe chingatheke ndi kuteteza zomwe zatsala. Mankhwala a bipi amachepetsa ngozi ya sitiroko, yomwe ingawawonjezere vuto tsiku limodzi lokha. Mapiritsi ogonetsa adokotala aletsa kuwagula patokha, chifukwa amasokoneza kwambiri munthu wachikulire ndipo amamugwetsa.

Tsopano nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Nonse munamva kuti mwezi watha amayi anapezeka m'bandakucha pafupi ndi mjigo, atangofunda chitenje, ndipo munamvanso zomwe ena anayamba kunong'ona. Adokotala anati kuyenda usiku ndi chizindikiro chodziwika cha matendawa. Munthu amadzuka osadziwa kuti ndi usiku, n'kunyamuka kupita kumunda kapena kwawo komwe anakulira. Amayi sanalodzedwe ndipo salodza munthu. Koma m'dziko muno achikulire aphedwapo chifukwa cha manong'onong'o otere, monga anayi aja a ku Neno mu 2016, choncho sindikuitenga ngati nkhani yaing'ono. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amalume, ndikupempha inu monga mwinimbumba kuti mupite kwa amfumu ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, muwafotokozere, kuti mudzi umve kuchokera kwa eni ake. Mudziwitsenso akulu a mpingo ndi amayi a Mvano. Wina akawaopseza, tisadikire, tikanene kupolisi ku Thondwe. Ndipo tikayamba kufufuza kuti wawalodza ndani, mbumba ino ipasuka, amayi osapeza bwino ngakhale pang'ono.

Za kalankhulidwe ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa pamenepa m'pamene tingawapweteke tsiku lililonse osadziwa. Mawu akuti "apenga", "azungulira mutu" kapena "ayamba misala" asamveke pakhomo. Anthu akafunsa tiziti, "Amayi akudwala matenda oiwala." Adzukulu aziti agogo, alendo aziti aNaphiri. Mawu akuti "nkhalamba ija" ayi. Enanso omwe ndawamva, ngakhale onena ake amanena mwachifundo, ndi akuti "abwerera ku umwana". Sanabwerere. Ndi amayi omwe anabereka ana asanu, anaika awiri m'manda, analangiza atsikana a mudzi wonse. Ngakhale tsiku lomwe tidzawadyetse ndi sipuni tidzanenabe kuti "idyani", "khalani pansi", "mwadzuka bwanji". Ana polankhula nawo azigwada ndithu monga kale. Tisamakambirane za iwo ali pomwepo ngati palibe munthu. Mawu atha kuwaiwala, koma manyazi ndi mantha zimatsala mumtima mpaka madzulo, iwo osadziwanso chomwe chawakhumudwitsa.

Musawayese mayeso. Funso lakuti "Mwandizindikira? Ndine ndani?" limawachititsa manyazi. Mukafika, imani kutsogolo kwawo pomwe akukuonani, mupereke moni, mudzitchule nokha: "Amayi, ndine Esinati, mwana wanu wa ku Chinamwali." Achimwene, mukaimba foni muzitero, ndipo muziimba m'mawa, mutu wawo usanatope. Nenani chinthu chimodzi, mudikire yankho. M'malo mofunsa kuti "Mudya chiyani?" funsani kuti "Mudya phala kapena mbatata?" Akafunsa funso lomwelo kachisanu, yankhani ngati ndi koyamba, chifukwa kwa iwo ndi koyambadi.

Chovuta kwambiri ndi kusatsutsana nawo. Sabata yatha anati Chikondi wawabera ndalama zomwe anamanga pansonga ya chitenje. Mwanayo analira, ndipo ndalamazo zinapezeka m'ndowa ya ufa, zitakulungidwa bwino m'kapepala ka shuga. Amayi sananame. Anabisa okha, anaiwala, ndipo mutu wawo unafuna chifukwa. Zikatero musadziteteze ndi mawu ambiri, ingonenani kuti, "Pepani amayi, tiyeni tifunefune limodzi." Malo omwe amabisa zinthu ndi omweomwewo, muwadziwe. Azikhala ndi kandalama kochepa pachitenje kuti mtima ukhale pansi, zambiri azisunga amalume ndipo zizilembedwa m'kope. Nonse a kutali, mukamva amayi akudandaula pafoni kuti akuberedwa kapena sakupatsidwa chakudya, funsani kaye musanaweruze mwanayu.

Madzulo ena amafunsa kuti, "Bambo ako abwera?" Bambo anatisiya mu 2014. Mukawauza mwachindunji, amalira ngati uthenga wa maliro wafika lero, ndipo mawa adzafunsanso. Anamwino anatilangiza kuti tiziyankha mtima womwe wafunsa: "Mwawasowa bambo eti? Tandiuzani, munakumana kuti?" Akayamba kufotokoza, nkhawa imatsika. Akafunsa molunjika ngati bambo anamwalira, tiwauze zoona mofatsa, titawagwira dzanja. Nthawi yomwe dzuwa likulowa ndi yomwe amasokonezeka kwambiri. Yatsani nyale kusanade, chepetsani wailesi, muyambitse nyimbo ya kutchalitchi. Nyimbo zonse za ku Mvano akuzikumbukabe, ndime ndi ndime.

Za pakhomo ndi zodziwika. Kudya, kusamba ndi kugona zizichitika nthawi yomweyomweyo, ndipo katundu m'chipinda mwawo asasunthidwe. Asaphike okha, koma musawalande ntchito zonse. Atha kusadzula nkhwani, kutongola chimanga, kusankha nyemba atakhala pamkeka, ndipo muziwathokoza. Madzi muziwapatsa musanapemphedwe, chifukwa ludzu amaliiwala. Mankhwala awo aziperekedwa ndi munthu mmodzi, n'kuchonga pakalendala. Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi feteleza zitsekeredwe. Mbaula isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Pachitseko timangirire kabelu, wina azigona pafupi, ndipo m'chovala chawo tisokerere kansalu kolembapo dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya amalume. Masana aziyenda ndi munthu, akafike kudimba, aothere dzuwa. Kuwamanga kapena kuwatsekera okha m'nyumba ndiye ayi.

Powasambitsa akhale munthu wamkazi yemwe amuzolowera. Madzi akhale ofunda, chitenje chikhale paphewa, ndipo muziwauza chomwe mukufuna kuchita musanawakhudze. Akakana, asiyeni, muyesenso pakapita kanthawi. Zovala zikanyowa musakalipe, ndipo ana asamve. Ingonenani kuti, "Amayi, tiyeni tikasinthe, kwazizira." Muziwaperekeza kukadzithandiza pakapita maola awiri kapena atatu, komanso asanagone.

Matendawa amayenda pang'onopang'ono. Choncho amayi akasintha mwadzidzidzi, lero n'kusiyana kwambiri ndi dzulo, musati ndi kuiwala komwe kuja. Kawirikawiri pamakhala china chochizika, monga malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Thupi likatentha, akamangogona osadzuka bwino, akakana kudya ndi kumwa, akagwa, kapena akamatsamwa pomeza, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka, kapena mawu akayamba kusamveka, imeneyo ingakhale sitiroko. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mundiimbire muli m'njira.

Adokotala atamaliza za amayi anatembenukira kwa Chikondi n'kumufunsa ngati amagona. Anayankha kuti pang'ono. Mwanayu ali ndi zaka 19, ndipo wasenza yekha zomwe zikanagawidwa pakati pa ana atatu. Ine ndizipita kumudzi Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamlungu. Achemwali, ndikupempha kuti pa tchuthi chikubwerachi mudzakhaleko masabata awiri. Achimwene, chomwe chikufunika kwa inu ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi yolipira mayi wina wa m'mudzi momwemo woti azithandiza masana, ndi ya mayendedwe a kuchipatala. Chikondi abwerere kusukulu chaka chamaphunziro chikayamba.

Palinso nkhani ya munda ndi nyumba. Amayi akadatha kunena zofuna zawo, makamaka m'mawa, ndiye tiwafunse tsopano, pamaso pa amalume ndi amfumu, tilembe. Pasapezeke wowadindisa chala papepala lililonse kumbali.

Tikumane kwa amalume Loweruka pa 26 Julayi, 9 koloko m'mawa. Achimwene tidzakuimbirani kuti mumve zonse. Kabuku ka kuchipatala ndidzabwera nako. Amene angathe kuperekeza amayi pa 7 Ogasiti andiuze tisanakumane, chifukwa tsiku limenelo ndidzakhala kuntchito.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mwana wanu ndi mlongo wanu,
Esinati