Ndemanga pa Gawo 5 la lipoti la kasungidwe ka chimanga ku Linthipe ndi ku Golomoti

A Tiyamike,

Ndawerenga lipoti lija. Gawo 4, la zimene tapeza, lili bwino ndipo matebulo ake musawakhudzenso. Ntchito yatsala m'Gawo 5, momwe mukukambirana tanthauzo la zotsatirazo. Ndatenga chiganizo chilichonse chonena kuti chakutichakuti n'choona, n'kuchifunsa kuti nambala yake ili pa tebulo liti. Zina zayankha, zina zayankha mwatheka, zina zangoti zii. Lipotili likupita kwa alangizi, ndipo chimene mlangizi wawerenga amakachinena pamsonkhano wa m'mudzi mmene chilili, popanda tebulo pambali. Manambala a mizere ndi a pepala limene munanditumizira Lachiwiri.

Mzere 3 mpaka 5: "Matumba a PICS anateteza chimanga kwa anankafumbwe kuposa matumba wamba osathira mankhwala." Chikhale. Tebulo 2 likuti pofika Disembala maso ofumbwa anali 2.1 peresenti m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, ndi 31.4 peresenti m'matumba osathira kanthu. Ingowonjezerani nambala ya tebulo kumapeto kwake.

Mzere 6 ndi 7: "Matumbawa anaposanso Akiteliki nthawi yonse ya kafukufuku." Mawu oti "nthawi yonse" alibe mwini. Tinayeza kawiri. Mu Seputembala, patatha miyezi itatu, PICS inali pa 1.6 ndipo Akiteliki pa 2.3, ndipo inu nomwe mwalemba pansi pa tebulo kuti p = 0.21, kutanthauza kuti kusiyana kumeneko sitingakudalire. Kusiyana kodalirika kukuoneka mu Disembala mokha, 2.1 ndi 6.8. Lembani zimenezo. Ndipo musazione ngati zofooketsa lipoti, chifukwa ndi nkhani yothandiza kwambiri: amene akudziwa kuti chimanga chake chitha kapena agulitsa pofika Seputembala, manambala athu sakumuuza kuti asiye mankhwala amene anawazolowera.

Mzere 9 mpaka 11. Apa ndi pamene ndakhalitsa, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Mwalemba kuti, "Mlimi wosunga m'matumba a PICS amapulumutsa 29 peresenti ya chimanga chake." Ndaona komwe 29 yachokera: mwachotsa 2.1 pa 31.4, yatsala 29.3. Masamuwo ngolondola, koma chimene mwawerengera si chimene mwanena. Tebulo 2 likuwerenga maso amene aboola, pomwe chiganizo chanu chikunena za kuchuluka kwa chimanga chotayika. Diso loboola silinatheretu; likadali ndi ufa, limakagayitsidwa, ngakhale nsima yake sikoma ndipo pamsika ogula amalinyoza. Kulemera kotayika kuli pa Tebulo 3: 8.9 peresenti m'thumba losathira kanthu, 0.4 peresenti m'thumba la PICS. Kusiyana kwake ndi 8.5, kumene pathumba la makilogalamu 50 ndi makilogalamu anayi ndi kota. Mlangizi akatenga 29 yanuyo akauza anthu kuti thumba lililonse likupulumutsa makilogalamu 14 ndi theka. Mayi akakapima mu Disembala n'kupeza zosiyana, adzasiya kukhulupirira mlangiziyo, ndipo chaka chamawa sadzatitseguliranso chitseko. Gawani chiganizochi pawiri, china cha maso ofumbwa, china cha kulemera, chilichonse ndi tebulo lake. Ngati mukufuna kunena za mtengo umene chimanga chofumbwa chimataya pamsika, dziwani kuti mitengo yogulitsira sitinaifunse, choncho sizilowa.

Mzere 13 ndi 14: "Tizilombo tinafa chifukwa mpweya unatha m'thumba." Mmene matumbawa amagwirira ntchito ndi momwemo: mapulasitiki awiri a m'kati akamangidwa bwino, tizilombo ndi chimangacho zimapuma mpweya wa okosijeni mpaka kuchepa, tizilombo n'kusiya kudya ndi kuswana. Akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, amene anayambitsa matumbawa posungira khobwe kumadzulo kwa Africa, anazifotokoza kale. Koma ife tinalibe chida choyezera mpweya, ndipo m'Gawo 4 mulibe nambala ya okosijeni ngakhale imodzi. Chiganizochi chikhale, koma chioneke kuti n'chobwereka: "Kafukufuku wa ena anasonyeza kuti…, ndipo zimene tapeza sizikutsutsana nazo." Onjezeraninso kuti mu Seputembala tinamasula matumbawo potenga zoyeza, mpweya watsopano unalowa, kenako tinamanganso. Wowerenga ayenera kudziwa zimenezo.

Mzere 16 mpaka 19: "Ku Golomoti chimanga chinafumbwa kwambiri kuposa ku Linthipe chifukwa cha kutentha." Theka loyamba lili pa Tebulo 4, palibe vuto. Theka lachiwiri ndi maganizo anu. Inde, aliyense wotsika chitunda cha Golomoti amavula juzi asanafike pansi, ndipo anankafumbwe amaswana msanga kotentha. Komabe kutentha m'nyumba zosungiramo sitinayeze. Kuonjezera apo, yang'anani Tebulo 1: ku Golomoti makomo 17 mwa 24 anasunga chimanga cha haibulidi, ku Linthipe 8 okha, ena onsewo chinali cha makolo, cholimba, chimene nankafumbwe amavutika kuchiboola. Ndiye pali zifukwa ziwiri zoyendera limodzi, ndipo kafukufuku wathu sangazilekanitse. Zitchuleni zonse ziwiri ndi mawu oti "mwina". Mawu oti "chifukwa cha" ndawapeza kasanu ndi kawiri m'gawo lino, ndipo pamene ali ndi tebulo kumbuyo kwake m'pawiri pokha. Ndazungulitsa onse ndi cholembera.

Mzere 21 ndi 22: "Matumbawa amatetezanso mabanja ku poizoni wa chuku." Chichoke chonse. Poizoni wa chukuyo, aflatoksini, amayezedwa ku labotale, ndipo ife sitinatumizeko chimanga ngakhale kadzanja kamodzi. Chimene tili nacho chikuloza kwina: ndime yomaliza ya Gawo 4 ikunena za makomo atatu amene chimanga chawo chinatuluka chonunkha ndi chosintha mtundu m'matumba a PICS, ndipo onse atatu anatsekera chili ndi chinyezi choposa 14 peresenti. Chiganizo chanu chingapangitse munthu kuganiza kuti thumba limakonza chimanga chosauma. Pamalo pake ikanipo chenjezo loti chiume kaye mpaka chinyezi chifike pa 13 peresenti kapena kutsikirapo, ndipo mutchule makomo atatuwo.

Mzere 24 ndi 25, za mbewa zimene zinawononga matumba wamba 11: zikugwirizana ndi Tebulo 5. Mzere 26, woti palibe khomo limene linathira mankhwala m'thumba la PICS: zili m'Gawo 4, ndime yachiwiri. Zonsezi zikhale.

Mzere 28 mpaka 31: "Alimi ambiri ali okonzeka kugula matumbawa, makamaka amayi." Amene anayankha kuti inde ndi 31 mwa 48, ndiye "ambiri" ndi zoona. Koma ndabwerera pa pepala la mafunso. Funso 14 likuti, "Kodi mungakonde kugwiritsanso ntchito thumba lotere?" Silikutchula mtengo, silikutchula kugula, ndipo linafunsidwa ndi anthu omwewo amene anabweretsa matumbawo kwaulere. Kwathu kuno mlendo wobwera ndi mphatso sayankhidwa kuti ayi pakhomo. Lembani mawu a funsolo mmene alili, mufufute "kugula". Za amayi: 19 mwa 27 anavomera, abambo 12 mwa 21. Pa maperesenti zikuoneka ngati kusiyana, 70 ndi 57, koma abambo atatu okha akanasintha yankho kusiyanako kukanatha, ndipo simunakuyeze mwa njira iliyonse. Mukhoza kupereka manambalawo osawamasulira, kapena kungochotsa "makamaka amayi". Ine ndingachotse.

Mzere 33 ndi 34: "Popeza thumba limagwira ntchito zaka zitatu, limatsika mtengo kuposa mankhwala." Zaka zitatuzo n'zimene opanga ndi ogulitsa amanena, thumba likasamalidwa. Ife talitsata kuyambira Juni mpaka Disembala wa chaka chimodzi. Tebulo 6 lili ndi mitengo ya nyengo imodzi yokha, ndipo pamenepo PICS ndiyo yokwera mtengo. Ngati mukufuna kusonyeza masamu a zaka zitatu, lembani poyera kuti "ngati thumba lingakhale nyengo zitatu osabooka", wowerenga aone yekha kuti ndi chiyerekezo.

Zimenezi zikundifikitsa pa chinthu chimene sichili pa mzere uliwonse. Nditamaliza kuchoka ku Gawo 5 kupita ku matebulo, ndinayenda ulendo wobwerera, kuona ngati chilichonse cha m'matebulo chakambidwa. Pansi pa Tebulo 2 pali timawu tating'ono: n = 43. Matumba a PICS tinagawa 48. Asanu anabooka, atatu ndi mbewa, awiri ndi timabowo tozungulira tofanana ndi ta kachilombo ka Prostephanus truncatus, kamene kanalowa m'dziko muno cha ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo kamaboola ngakhale mtengo wouma. Munawachotsa powerengera, ndipo m'Gawo 4 mwanena chilungamo kuti munatero. Koma Gawo 5 silikuwatchula m'pang'ono pomwe. Ndiye 2.1 imene takhala tikuitamayi ndi ya matumba amene anapulumuka okha. Pafupifupi thumba limodzi mwa khumi linalephera pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mlimi wotulutsa ndalama zake ayenera kuzimva. Tsegulani `deta_dedza.xlsx`, muwerengerenso ndi matumba onse 48, mupereke manambala onse awiri moyandikana. Mukatero muonenso ngati kusiyana ndi Akiteliki mu Disembala kukadali kodalirika. Ngati kwasintha, mzere 6 ndi 7 usinthanso. Kunena kuti ndi kachilombo kameneka muzinenanso mosamala, poti tinangoona mabowo, kachilomboko sitinakagwire.

Mzere 36 mpaka 40, ndime yotsekera. "Matumba a PICS angachepetse njala ya mu Januwale ndi Febuluwale m'Malawi muno." Tinasiya kuyeza mu Disembala. Sitinafunse khomo lililonse kuti limadya kangati patsiku kapena kuti chakudya chinatha liti. Ndipo makomo 48 a madera awiri a boma la Dedza, osankhidwa ndi alangizi pakati pa anthu amene anali ndi matumba atatu a chimanga oti n'kusunga osawakhudza, si Malawi; si Dedza yense n'komwe, chifukwa amene njala imawapweteka kwambiri sakanakwanitsa kulowa nawo. Ndikumvetsa kuti mukufuna lipoti lithe ndi mawu olemera, koma ndimeyi ilembedwenso kuchokera pa zimene tili nazo: madera awiri, miyezi isanu ndi umodzi, maso ofumbwa, kulemera, matumba asanu obooka, makomo atatu a chinyezi. Za njala zipite pa mndandanda wa mafunso a kafukufuku wotsatira.

Mukamalembanso, ikani nambala ya tebulo kapena ya ndime kumapeto kwa chiganizo chilichonse chonena chimene tapeza, ngakhale zioneke zochuluka. Zina tidzazichotsa pomaliza. Chidule cha patsamba loyamba chili ndi 29 peresenti ija komanso chiganizo cha chuku, ndiye mukonzenso kumeneko. Nditumizireni pofika Lolemba masana, ndipo Lachitatu m'mawa tikhale pansi ndi matebulo tisanapereke kwa osindikiza.

Ine mnzanu pa ntchitoyi,
E. Mbewe